PMS ndi PMDD: tizisiyanitsa bwanji popanda kuyeza magazi?

Make Tiwonge (Chiputula): Anamwino ndi madokotala amene muli muno, ndithandizeni. Pali PMS, pali PMDD, maina a zovuta zimene amayi ena amakumana nazo msambo ukamayandikira. Ena akuti ndi chinthu chimodzi, kungoti china ndi chachikulu. Ena akuti ndi matenda awiri osiyana. Mayi amene amasintha khalidwe akamayandikira kusamba angadziwe bwanji kuti ali mbali iti? Ndipo kuchipatala amayeza chiyani?

Mzamba wa ku Katoto: Make Tiwonge, ndiyambe ndi funso lanu lomaliza. Palibe magazi amene amayezedwa n'kuonetsa PMS kapena PMDD. Sikani nayonso siionetsa kanthu. Chimene chimaonetsa ndi kalendala: zizindikiro zimayamba liti, zimatha liti, ndipo zimaononga chiyani.

Zonse ziwiri zimabwera m'chigawo chachiwiri cha mwezi wa mayi, dzira litatuluka kale. Nthawi zambiri zimakula m'sabata yomaliza magazi asanabwere, ndipo zimazilala pakapita masiku awiri, atatu kapena anayi msambo utayamba. Mpaka pamenepo zikufanana.

Zikusiyana apa. PMS ikhoza kukhala ya m'thupi yokhayokha: mabere kuwawa ndi kulemera, m'mimba kutupa, mutu, kutopa, ziphuphu, kulakalaka zotsekemera, mwina ndi kupsa mtima pang'ono. Chizindikiro chimodzi kapena ziwiri zikukwana, bola zizibwera mwezi ndi mwezi ndipo zizimusowetsa mtendere. PMDD phata lake ndi maganizo. Pamafunika zizindikiro zosachepera 5, ndipo chimodzi mwa izo chiyenera kukhala cha m'gulu ili: mkwiyo woopsa woyambanitsa ndi anthu, kukhumudwa kofika podziona wopanda pake, nkhawa yomangitsa thupi, kapena mtima wosinthasintha, kulira mwadzidzidzi ndi kupwetekedwa ndi kamawu kakang'ono. Ndipo ziyenera kufika poononga ntchito, sukulu kapena banja.

Wophunzira unesi: Ndiye kuti tingonena kuti PMS ndi ya thupi, PMDD ndi ya m'mutu? Zikuoneka zophweka choncho.

Mzamba wa ku Katoto: Mwagwira theka, mwanawe. PMS nayo imakhala ndi kupsa mtima ndi kukhumudwa, ndipo wa PMDD naye mabere amamuwawa. Koma pa PMDD zowawa zonse za m'thupi zimawerengedwa ngati chizindikiro chimodzi basi. Mabere, m'mimba, mfundo za mafupa, kumva ngati wanenepa, zonsezo ndi nambala imodzi pa 5 zija. Ndiye mayi amene thupi likumuwawa kwambiri, mpaka kujomba kuntchito, koma maganizo ali bwinobwino, ali ndi PMS yaikulu ndithu yofunika chithandizo, koma si PMDD.

Kiliniko wa za maganizo: Ndiwonjezerepo pa zimene anena amzamba. Mndandanda wonse uli ndi zizindikiro 11. Zinayi zija atchula ndizo zikuluzikulu. Zotsalazo ndi kutaya chidwi pa zinthu zimene umakonda, kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kufooka, kusintha kadyedwe, kugona kwambiri kapena kusowa tulo, kumva ngati zonse zakukulira moti sungadzigwire, ndi zowawa za m'thupi zija. Mndandandawu unachokera m'buku la madokotala a za maganizo la DSM-5 la mu 2013, ndipo bungwe la WHO linaika PMDD m'kaundula wake wa matenda wa ICD-11. Choncho si matenda ongopeka a pa intaneti.

Koma ine mndandandawu sindiudalira kwambiri pokambirana ndi wodwala ulendo woyamba. Mukamuwerengera mayi aliyense wotopa zizindikiro 11, avomera 7. Amayi ambiri amene amasamba amamva kanthu kena msambo ukamayandikira, koma amene PMDD imatsimikizikadi ndi ochepa, pafupifupi 2 mpaka 5 mwa amayi 100 aliwonse. Chimene chimapatula ochepawo ndi kope.

Make Tiwonge (Chiputula): Kope lanji adokotala?

Kiliniko wa za maganizo: Kope wamba la ana asukulu, la masamu lija la timabokosi ndiye labwino. Mayi amatsegula masamba awiri apakati. Pamwamba alembe masiku, 1, 2, 3 mpaka 35. Tsiku 1 ndi tsiku limene magazi enieni ayamba kutuluka, osati timadontho tabulauni tobwera dzulo lake, komanso osati pa 1 pa mwezi wa pakalendala. Kumanzere alembe zizindikiro zake, mzere uliwonse chimodzi: mkwiyo, kukhumudwa, nkhawa, kulira, tulo, kudya, kutopa, mabere ndi m'mimba. Pansi penipeni awonjezere mizere itatu: ntchito, kucheza ndi anthu, ndi pakhomo. Mzere wina ukhale wongochonga masiku amene akuona magazi.

Madzulo aliwonse asanagone apereke nambala pa mzere uliwonse, kuyambira 1 mpaka 6. Nambala 1 ndiye kuti palibe chilichonse, 2 pang'ono zedi, 3 pang'ono, 4 zomveka ndithu, 5 kwambiri, 6 zosapiririka. Zimatenga mphindi ziwiri. Achite zimenezi kwa misambo iwiri yathunthu yotsatizana, ndipo alembe ngakhale masiku amene ali bwino. Masiku abwinowo ndi amene ine ndimayamba kuyang'ana akabweretsa kopelo.

Bambo wa ku Luwinga: Pepani kulowerera nkhani ya amayi. Mlongo wanga wamng'ono akayamba kusamba amagubuduka pansi ndi m'mimba, amasanza, panado sagwira. Tsiku loyamba ndi lachiwiri sapita n'kusukulu komwe. Imeneyo ndiye PMDD mukunenayi?

Mzamba wa ku Katoto: Mwachita bwino kufunsa bambo, chifukwa ambiri amasokoneza pamenepa. Ayi, imeneyo si PMDD ndipo si PMS. Kupweteka kumene kumayamba limodzi ndi magazi ndi vuto lina, la chiberekero chikamadzifinya potulutsa magazi. PMS ndi PMDD zimavuta magazi asanabwere ndipo magazi akabwera zimayamba kutha. Mlongo wanu zake zikuyamba pamene za anzake zikutha.

Kwa iye panado ndi wofooka. Chothandiza ndi bulufeni, mamiligalamu 400 katatu pa tsiku atadya, kuyamba akangoona chizindikiro choyamba osadikira kuti ululu ukule, kwa masiku awiri kapena atatu, pokhapokha ngati ali ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso, kapena mphumu imene imadzuka ndi mankhwalawa. Zikapitirira ngakhale akumwa moyenera, kapena ululu ukukulirakulira chaka ndi chaka, apite akaonedwe ndi a matenda a amayi, chifukwa pali matenda ena a chiberekero amene amayamba choncho.

Bambo wa ku Luwinga: Zikomo amayi, ndamva.

Wophunzira unesi: Adokotala, ndibwerere ku kope. Bwanji osangomufunsa mayiyo kuti miyezi yapitayi zakhala bwanji? Miyezi iwiri ndi yambiri kwa munthu amene akuvutika.

Kiliniko wa za maganizo: Chifukwa kukumbukira kumanama, ndipo sikunama mwadala. Munthu akakhulupirira kuti msambo ndiwo ukumuvutitsa, amakumbukira mkangano wa Lachinayi umene unachitika kutatsala masiku atatu, n'kuiwala wina wofanana nawo umene unachitika pakati pa mwezi. Ofufuza akhala akupeza kuti amayi ambiri amene amabwera ali otsimikiza kuti ali ndi PMDD, akalemba tsiku ndi tsiku, kope silivomereza. Ena limaonetsa PMS wamba, ena limaonetsa kuti vuto lilipo mwezi wonse.

Nditenge chitsanzo chongoyerekeza kuti muone kawerengedwe kake. Amayi awiri, onse msambo wawo umabwera pakatha masiku 30, onse akudandaula kuti sabata yomaliza amakhala ngati munthu wina. Timatenga masiku 7 omaliza magazi asanabwere, n'kuwayerekeza ndi masiku 7 a msambo utangodutsa, kuyambira tsiku 4 mpaka tsiku 10.

Mayi woyamba, pa mzere wa mkwiyo, tsiku 4 mpaka 10 walemba 1, 1, 2, 1, 1, 1, 1. Sabata yomaliza walemba 3, 4, 5, 5, 6, 6, 5. Mukaphatikiza n'kugawa ndi 7, sabata yabwino ili pa 1.1, yoipa pa 4.9. Mizere ya kulira, nkhawa, tulo ndi mabere ikuyenda chimodzimodzi. Pa mzere wa ntchito pali 5 kawiri, ndipo walemba m'mbali kuti anatseka golosale masana chifukwa anakalipira kasitomala. Mwezi wachiwiri chithunzi n'chomwecho. Zizindikiro 5 zakwana, zina ndi za maganizo, zaononga malonda, ndipo pali sabata yoyera. Imeneyo ndi PMDD.

Mayi wachiwiri, pa mzere wa kukhumudwa, sabata yomaliza walemba 4, 5, 5, 6, 6, 6, 5, zomwe zikupereka 5.3. Mukangoona zimenezo munganene kuti wadwala kuposa woyamba uja. Koma tsiku 4 mpaka 10 walemba 4, 4, 3, 4, 4, 3, 4, pafupifupi 3.7. Zoona, msambo ukamayandikira zikukula. Koma sizikutha. Palibe sabata imene anabwerera pa 1 kapena 2. Ameneyu ali ndi matenda a kukhumudwa a nthawi zonse, amene msambo umangowakolezera. Mukamutcha PMDD mwamuphonya, ndipo chithandizo chake chisokonekera.

Make Tiwonge (Chiputula): Nanga wa PMS kope lake limaoneka bwanji?

Kiliniko wa za maganizo: Limafanana ndi la mayi woyamba pa kayendedwe: sabata yoyera ilipo, kenaka manambala amakwera. Koma amakwera pa mizere iwiri kapena itatu, mwina mabere afika 5, kutopa 4, mkwiyo 3. Mizere itatu yapansi ija, ya ntchito, anthu ndi pakhomo, nthawi zambiri siipitirira 2 kapena 3. Akuvutika, koma msika akupita, ana akuwaphikira, ndipo sakudzida.

Wa famase mu tauni: Ine ndili ndi kachikayiko pa nkhani yoti palibe choyeza. Amayi amabwera ndi mapepala ochokera ku malabu olipira, ayezetsa mahomoni, ena auzidwa kuti pulojesiteroni ndi yochepa. Ngati vuto limatsata mahomoni, sizomveka kuti wodwalayo mahomoni ake ndi osokonekera?

Mzamba wa ku Katoto: Zikumveka choncho achimwene, koma si mmene ziliri. Amayi a PMDD mahomoni awo amakhala pa mlingo womwewo ndi amayi ena. Chosiyana ndi mmene ubongo wawo ukulandirira kukwera ndi kutsika kwa mahomoniwo. Zili ngati anthu anayi akuotha mbaula imodzi m'chisanu cha Juni, atatu ali phee, mmodzi utsi womwewo wamudzutsira chifuwa. Mukayeza utsi simupeza cholakwika.

Ku America kunachitika kafukufuku amene anasindikizidwa mu 1998. Anapatsa amayi mankhwala ogoneka mazira kuti mahomoni asiye kusinthasintha, ndipo ambiri mwa amene ankadwala anapeza bwino. Kenaka anawabwezera mahomoniwo. Amene ankadwala kale zizindikiro zinabwerera, amene sankadwala sanamve kanthu, chonsecho mlingo unali umodzi. Ndiye kuyezetsa pulojesiteroni tsiku limodzi n'kutaya ndalama, makamaka poti homoni imeneyi imasintha yokha malinga ndi tsiku la mwezi. Ndipo kumumwetsa mayi pulojesiteroni sikunaonetse kuti kumachiza PMS.

Kiliniko wa za maganizo: Koma tisanene kuti magazi asayezedwe n'komwe. Amayezedwa pofuna kuchotsa zinthu zina zofanana nazo. Ine ndingafune kudziwa ngati mayi alibe pakati, ngati magazi si ochepa m'thupi, makamaka amene amataya ambiri posamba, ndipo ngati n'kotheka chithokomiro chiyezedwe. Kuchepa magazi kumabweretsa kutopa, mtima kugunda ndi kusakhazikika maganizo, koma mwezi wonse. Ndimafunsanso mankhwala amene akumwa ndi njira yolera imene akugwiritsa ntchito. Ndipo mayi amene wapitirira zaka 40, msambo wayamba kudumphadumpha, akumva kutentha usiku, ndimaganizira kaye zoti akuyandikira kusiya kusamba.

Si kukhumudwa kokha kumene msambo umakolezera. Khunyu, mphumu, mutu waching'alang'ala, ngakhale matenda a misala amene munthu ali nawo kale, zonsezi zikhoza kukula m'sabata yomwe ija.

Anganga a ku Zolozolo: Ana inu, ine ndakalamba koma ndinene. Kale sitinkadziwa zimenezi ndipo mabanja ankayenda. Mkazi akakhala wolongolola ankalangizidwa. Tsopano mukufuna kumupatsa dzina la matenda kuti azitukwana mwamuna n'kumati ndi mwezi. Sindikuti palibe odwala, koma ndikuopa kuti aliyense athawira kumeneko.

Mzamba wa ku Katoto: Anganga, mantha anuwo ndi omveka, ndipo kope lija limayankha inu ndendende. Munthu amene ndi waukali mwachibadwa, kapena amene banja lake lili pamoto, manambala ake sasamala za msambo. Amakwera tsiku limene bambo abwera ataledzera, kaya ndi tsiku 8 kaya 25. Ameneyo sangabisale m'dzina la PMDD. Koma alipo wina amene masabata awiri ndi mayi wofatsa, kenaka masiku 7 kapena 10 amadzitsekera m'chipinda, amaganiza zothetsa banja, nthawi zina zodzipha, ndipo magazi akangobwera amadzuka ali ndi manyazi n'kumapepesa aliyense. Ameneyu alangizi amulangiza kangapo konse, ndipo iye mwini amavomereza malangizowo, koma mwezi wotsatira zimabweranso. Kumuwonjezera malangizo n'kumuwonjezera kudziimba mlandu.

Anganga a ku Zolozolo: Wotereyo ndinamuonapo. Tinkati ndi mizimu.

Kiliniko wa za maganizo: Poti amzamba atchula zodzipha, apa ndiime pang'ono. Miyezi iwiri ya kope ndi ya munthu amene angathe kudikira. Mayi akanena kuti masiku amenewo amaganiza zodzichotsa moyo, kapena amaopa kuti avulaza mwana, sitimuuza kuti kalembeni mubwere mwezi wa mawa. Aonedwe tsiku lomwelo, kaya ku Mzuzu Central, kaya ku St John of God, kaya kuchipatala chimene ali nacho pafupi. Achibale achotse m'nyumba mankhwala a mbewu, a makoswe ndi mapiritsi osungidwa, ndipo masiku oopsawo asamagone yekha. Chithandizo chiyambe, kope lizitsatira pambuyo. Zoti maganizowo amatha magazi akabwera zisakupusitseni. Sabata imodzi ndi yokwana kuti munthu adzivulaze.

Wophunzira unesi: Mwanena kuti mukasokoneza mayi woyamba ndi wachiwiri chithandizo chisokonekera. Chisokonekera pati, poti onse mwina mupereka mankhwala amodzimodzi?

Kiliniko wa za maganizo: Dzina la mankhwala likhoza kukhala limodzi, koma kamwedwe n'kosiyana. Titenge fuluwokisetini, amene amapezeka kuno. Pa matenda a kukhumudwa amamwedwa tsiku lililonse, ndipo amatenga masabata awiri mpaka 6 kuti agwire. Pa PMDD amagwira msanga modabwitsa, m'masiku ochepa chabe. N'chifukwa chake wa PMDD akhoza kumwa mamiligalamu 20 m'mawa kwa masiku 14 okha omaliza, n'kusiya msambo ukayamba, kenaka kuyambiranso mwezi wotsatira. Akhozanso kumwa mwezi wonse ngati kuwerenga masiku kukumuvuta.

Tsopano mukampatsa mayi wachiwiri uja kamwedwe ka theka la mwezi, mwamusiya wopanda mankhwala masabata awiri mwezi uliwonse pamene matenda ake sapuma. Abwera n'kunena kuti mankhwala sakugwira, chonsecho ndi ife tawapereka molakwika. Iye amafunika kumwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi yambiri, pamodzi ndi uphungu.

Pali cholakwika china chofala pa kuwerenga. Anthu amaloweza kuti yambani tsiku 14. Zimenezo ndi za mayi wa masiku 28. Chigawo chachiwiri cha mwezi ndi chimene sichisinthasintha kwambiri, chimakhala pafupifupi masiku 14, ndiye timawerenga chobwerera kuchokera pa tsiku limene tikuyembekezera magazi. Wa masiku 30 ayambe cha pa tsiku 16, wa masiku 35 cha pa tsiku 21. Wa msambo wosadziwika bwino tsiku lake, kamwedwe aka sikamuyenera.

Wa famase mu tauni: Ndiwonjezere za mbali yathu. Fuluwokisetini akasowa, ena amangosinthira ku amitiriputilini poti naye ndi wa kukhumudwa. Pa PMDD si mlowam'malo wabwino. Amene anaonetsa kuti amagwira bwino ndi a gulu lokhudza serotonini, kemikolo ya m'ubongo yoyendetsa maganizo, monga fuluwokisetini ndi setiralini. Komanso amitiriputilini ndi woopsa kwambiri munthu akamwa wambiri nthawi imodzi, ndiye si wosungitsa mayi amene mwezi uliwonse amafika poganiza zija mwanenazi.

Ndipo chonde asamagule okha. Masiku oyamba ena amamva nseru, mutu, kusowa tulo, ndipo ena chilakolako cha m'banja chimatsika, zomwe amayi sanena koma amangosiya kumwa. Kwa achitsikana osafika zaka 25 pamafunika kuwayang'anira masabata oyambirira.

Kiliniko wa za maganizo: Zoona. Ndipo tisanalembe timafunsa ngati munthuyo anakhalapo ndi nyengo ya masiku angapo osagona koma osatopa, kulankhula kosalekeza, kumwaza ndalama, kudzimva wamphamvu zodabwitsa. Ngati zinachitikapo, mankhwalawa paokha akhoza kumudzutsira zimenezo. Ameneyo ndi wofunika a za maganizo amuone bwinobwino.

Make Tiwonge (Chiputula): Nanga wa PMS wamba nayenso amwe zimenezi?

Mzamba wa ku Katoto: Kawirikawiri ayi. Amayamba ndi zopepuka. Kuyenda ndawala kapena masewera ena mphindi 30 masiku ambiri pa sabata, kuchepetsa mchere sabata yomaliza ngati amatupa, kuchepetsa tiyi wamphamvu, khofi ndi mowa ngati tulo ndi mtima zikuvuta, bulufeni pa mutu ndi mabere, ndi bula yogwira bwino. Kashiyamu ali ndi umboni wooneka: mamiligalamu 1,000 mpaka 1,200 pa tsiku, ndipo phindu lake limaoneka pakatha misambo iwiri kapena itatu, osati sabata yomweyo. Usipa wodya ndi minga yomwe, mkaka ndi chambiko zimathandizira kumeneko. Vitamini B6 ena amamuthandiza, koma asapitirire mamiligalamu 100 pa tsiku, chifukwa wochuluka kwa nthawi yaitali amaononga mitsempha, manja ndi mapazi n'kuyamba dzanzi.

Ine kwa mayi amene akufunanso kulera, kaya ndi PMS yaikulu kaya PMDD, ndingayambe ndi mapiritsi olera a mahomoni awiri. Dzira likapanda kutuluka, kukwera ndi kutsika kuja kumachepa. Ndipo amwe mopitiriza, atsirize 21 enieni aja n'kuyamba paketi ina osamwa 7 abulauni, chifukwa sabata yopuma ija ndi imene imabwezeretsa kusinthasintha.

Kiliniko wa za maganizo: Apa amzamba tisiyana pang'ono. Mapiritsi amene ali ndi umboni wabwino pa PMDD ndi okhala ndi homoni yotchedwa dirosipirenoni, omwedwa 24 enieni ndi 4 opuma. Amenewo si amene amaperekedwa ku sikelo ya kulera kuno, ndipo ogula ndi odula. Athu wamba a homoni ya levonojesiterelo ena amawathandiza akamamwa mopitiriza, koma ena maganizo amaipiraipira. Kwa mayi amene manambala ake a kukhumudwa akufika 6, ine ndingayambe ndi fuluwokisetini.

Mzamba wa ku Katoto: Sindikukana adokotala. Koma ganizirani mayi wa ku Ekwendeni kapena ku Mpherembe amene mapiritsi olera amawapeza pafupi mwezi uliwonse, pamene enawo mpaka akwere galimoto ndipo mwina akapeza atha. Mankhwala abwino amene akudukizaduka ndi mankhwala apakati amene alipo nthawi zonse, ine ndisankha achiwiriwo, bola kope lipitirire kuti tione ngati akutsika kapena akukwera. Pakatha miyezi itatu osasintha, tisinthe. Kungoti mapiritsiwa si a aliyense: osapereka kwa amene magazi amathamanga, amene anadwalapo magazi kuundana m'mitsempha, wosuta fodya wa zaka 35 kupita m'tsogolo, amene mutu waching'alang'ala umayamba ndi kuona nyenyezi kapena mizere m'maso, ndi amene wangobereka kumene.

Kiliniko wa za maganizo: Pa wa manambala apakati tagwirizana. Pa wa 6 ndikadali pomwe ndinali.

Wophunzira unesi: Funso lina. Amayi ambiri amene timawaona ali pa jakisoni wa Depo kapena ali ndi kachipangizo ka pamkono. Ena sasamba n'komwe, ena amangodontha masiku osadziwika. Akanena kuti amakwiya mwezi ndi mwezi, tsiku 1 tilitenga pati?

Mzamba wa ku Katoto: Limenelo ndi lovuta zedi. Wa Depo dzira silituluka, ndiye PMDD yeniyeni siyembekezereka. Akamavutika maganizo, mwina ndi jakisoniyo amene sakumuyanja, mwina ndi matenda ena. Funso lothandiza ndi lakuti zinayamba liti: asanayambe jakisoni, kapena pambuyo pake? Kope alembebe, koma atsate masiku a pakalendala, achonge tsiku limene anabayitsa ndi masiku amene wadontha. Nthawi zina mumapeza kuti manambala akutsata jakisoni, osati mwezi.

Wa pamkono ndi wosokoneza kwambiri, chifukwa makamaka zaka zikamapita ena dzira limayambanso kutuluka mwa apo ndi apo, ndipo kudontha magazi sikukuuzani kuti latuluka liti. Wa lupu ya kopa yekha ndiye savuta, poti ilibe mahomoni ndipo msambo wake ndi wake weniweni.

Wa famase mu tauni: Ndiye mumuuza achotse ka pamkonoko kuti muone bwino?

Mzamba wa ku Katoto: Osati mwachangu. Mimba yosakonzekera ndi vuto lalikulu kuposa kusadziwa dzina la matenda. Ngati kope la miyezi iwiri kapena itatu likuonetsa kuti akuvutikadi ndipo zinayamba atangoika, timakambirana naye zosinthira ku lupu ya kopa, kuika yatsopanoyo tsiku lomwelo limene tachotsa yakale, kenaka tidikire msambo wake ukhazikike tisanayambe kuwerenga. Wa Depo kudikirako kumatalika, chifukwa msambo umatha kutenga miyezi yambiri usanabwerere mwakale.

Kiliniko wa za maganizo: Ndipo m'miyezi yodikirayo, ngati akuvutika kwambiri, ndimamuthandiza ngati wa kukhumudwa wamba, mankhwala a tsiku ndi tsiku, osayerekeza za theka la mwezi. Dzina lenileni tidzalipeza msambo ukabwerera.

Make Tiwonge (Chiputula): Kanthu kamodzi komaliza. Mayi amene sadziwa kulemba bwino, kapena amene akuopa kuti bambo aona kope n'kuyamba mafunso, apange bwanji?

Mzamba wa ku Katoto: Achepetse mizere ikhale inayi: mtima, thupi, ntchito, magazi. M'malo mwa manambala aike timitanda: palibe kanthu akakhala bwino, kamodzi zikakhala pang'ono, tiwiri zikakula, titatu zikafika posapiririka. Sizikupatsani kuwerenga zizindikiro 5 molondola, zimenezo mudzafunsa pakamwa, koma sabata yoyera ija imaoneka ndithu ngati ilipo. Pepalalo alipinde aliike m'buku lake la kuchipatala, m'menemo anthu sakonda kusuzumira. Akaiwala tsiku asiye mpata, asadzaze mawa lake mongoganizira, ndipo ngati mipata yapitirira masiku atatu m'sabata yomaliza kapena m'sabata yotsatira msambo, mwezi umenewo sitiuwerengera, ayambirenso wina.